Mitengo Yoodera Ikamangokwera: Kuwerengera Sitoko ndi FIFO Kapena ndi Avereji

M'chipinda chosungiramo katundu cha shopu ya hadiweya muli matumba a simenti osanjikizidwa pa matabwa. Kuwaona, onse ndi ofanana: pepala lake ndi lomwelo, kulemera kwake ndi makilogalamu 50, fumbi lake ndi limodzimodzi. Koma mukatsegula faelo ya malisiti mupeza kuti ena anaodedwa mwezi watha pa mtengo wotsikirapo, ena sabata yatha pa mtengo wokwera, ndipo amene afika dzulo ndi odula kuposa onsewo. Kasitomala akagula thumba limodzi, kodi m'buku mulembe kuti thumbalo linakudyerani ndalama zingati?

Funso limeneli silivuta mitengo ikakhala malo amodzi. Limayamba kuluma pamene ulendo uliwonse wokaoda mukupeza mtengo wina. Ochita malonda ku Malawi anazionera okha mu Meyi 2022 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, komanso mu Novembala 2023 pamene inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Katundu yemweyo, pa shelefu yomweyo, anakhala ndi mitengo yoodera iwiri kapena itatu yotalikirana kwambiri.

Njira zimene malamulo a kawerengedwe ka chuma amalola pa katundu wofanana chonchi ndi ziwiri. Yoyamba imadziwika ndi dzina lakuti FIFO, ndipo mfundo yake ndi yakuti choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka. Yachiwiri ndi ya avereji yotengera kuchuluka kwa katundu, imene imasakaniza mitengo yonse n'kupeza mtengo umodzi wapakati. Tiyenda ndi shopu imodzi kwa mwezi wathunthu, tiwerengere simenti yemweyo m'njira zonse ziwiri. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino, inu mudzaikepo yanu.

Poyambira: pezani mtengo weniweni woodera thumba limodzi

Musanasankhe njira, onetsetsani kuti nambala imene mukulowetsa m'buku ndi yolondola. Mtengo woodera si wokhawo uli pa invoyisi ya amene anakugulitsani. Muwonjezerepo zonse zimene mwalipira kuti katunduyo afike m'shopu mwanu: thiransipoti, aganyu okweza ndi kutsitsa, ndiponso msonkho wapachipata ngati katunduyo wachokera kunja. Ngati anakuchotserani mtengo chifukwa chogula zambiri, chotsani ndalamayo. Ngati munalembetsa VAT ndipo MRA imakubwezerani imene mwalipira pooda, VAT imeneyo siilowa mu mtengo wa katundu. Koma ngati simunalembetse, ndiye kuti yakudyerani, ilowe.

Tinene kuti mwaoda matumba 60 pa K21,000 lililonse, zonse pamodzi K1,260,000. Lole yakudyerani K48,000, aganyu otsitsa K12,000. Zonse zakwana K1,320,000. Mukagawa ndi 60, thumba limodzi lafika pa K22,000. Nambala yolowa m'buku ndi imeneyi, osati K21,000. Lendi ya shopu, malipiro a wogulitsa pa kauntala ndi mafuta okaperekera katundu kwa kasitomala, zimenezo ndi zolipira za bizinesi, sizilowa mu mtengo wa thumba.

Kenako tsegulani khadi la sitoko. Likhoza kukhala tsamba la m'kope lachikuto cholimba, bola katundu aliyense akhale ndi tsamba lake, ndipo mzere uliwonse ukhale ndi tsiku, zolowa, zotuluka ndi zotsala. Mwezi wa shopu yathu wayenda motere:

| Tsiku | Zachitika | Matumba | Mtengo wa thumba |
|---|---|---|---|
| 1 | Otsala a mwezi watha | 40 | K20,000 |
| 6 | Kuoda | 60 | K22,000 |
| 12 | Kugulitsa | 70 | K26,000 |
| 18 | Kuoda | 50 | K25,000 |
| 25 | Kugulitsa | 50 | K28,000 |

Matumba onse amene anadutsa m'shopu ndi 150, ndipo ndalama zawo zoodera ndi K800,000 kuphatikiza K1,320,000 kuphatikizanso K1,250,000, zomwe zikukwana K3,370,000. Agulitsidwa 120, atsala 30. Ndalama zogulitsa ndi K1,820,000 pa 12 ndi K1,400,000 pa 25, zonse K3,220,000. Manambala amenewa sasintha, kaya musankha njira iti. Chimene njira ziwirizi zikulimbirana ndi chimodzi chokha: pa K3,370,000 ija, ndi zingati zipite ku matumba ogulitsidwa, ndipo ndi zingati zitsale ndi matumba 30 a m'chipinda.

Kuwerengera ndi FIFO

Mu FIFO katundu mumamusunga m'buku m'magulu, gulu lililonse ndi mtengo wake, ndipo mukagulitsa mumayamba kudya gulu lakale mpaka lithe musanakhudze lotsatira.

Pa 12 mwagulitsa matumba 70. Gulu lakale lili ndi matumba 40 a K20,000, ndiye onsewo atuluke, K800,000. Akusowekera 30, amene muwatenge ku gulu la pa 6, la K22,000, zomwe ndi K660,000. Choncho matumba 70 aja akudyerani K1,460,000. M'buku mwatsala matumba 30 a K22,000.

Pa 18 mwaoda 50 pa K25,000. Musawasakanize ndi akale, alembeni pa mzere wawo. Tsopano muli ndi magulu awiri, 30 a K22,000 ndi 50 a K25,000.

Pa 25 mwagulitsa 50. Yambani ndi 30 akale aja, K660,000, kenako 20 a gulu latsopano, K500,000. Zonse K1,160,000. Atsala matumba 30 a K25,000, omwe ndi K750,000.

Mtengo woodera wa katundu yense wogulitsidwa m'mweziwu ndi K1,460,000 kuphatikiza K1,160,000, K2,620,000. Musanapitirire, dziyeseni: zogulitsidwa ndi zotsala zikaphatikizidwa ziyenera kubwerera pa ndalama zonse zoodera. K2,620,000 ndi K750,000 zikukwana K3,370,000, ndiye kuti palibe chatayika panjira. Kuyesa kumeneku musamakudumphe, chifukwa ndi kumene kumagwira mzere woiwalika kapena gulu lodyedwa kawiri. Phindu lisanachotsedwe zolipira zina ndi K3,220,000 kuchotsa K2,620,000, K600,000.

Kuwerengera ndi avereji

Apa mulibe magulu. Nthawi iliyonse mukaoda, mumaphatikiza ndalama za katundu amene analipo ndi za amene wangofika, n'kugawa ndi matumba onse. Mtengo umene watulukawo ndiwo mumagwiritsa ntchito pa zogulitsa zonse mpaka mudzaodenso. Kugulitsa sikusintha avereji, kuoda kokha ndiko kumaisintha.

Pa 6, matumba 40 a K800,000 akumana ndi 60 a K1,320,000. Matumba 100, ndalama K2,120,000, avereji K21,200. Pa 12 atuluka 70 pa K21,200, K1,484,000, ndipo atsala 30 a K636,000. Pa 18 alowa 50 a K1,250,000. Tsopano matumba ndi 80, ndalama K1,886,000, avereji yatsopano K23,575. Pa 25 atuluka 50 pa K23,575, K1,178,750. Atsala 30 a K707,250.

Zogulitsidwa zakudyerani K2,662,750, zotsala K707,250, kuphatikiza K3,370,000 ndendende. Phindu ndi K557,250.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndimachipeza kawirikawiri m'makope a mashopu, ndipo ndikufuna muchione bwino. Munthu amatenga mitengo iwiri, kuiphatikiza, n'kugawa ndi 2. Pa 18 angatenge K21,200 ndi K25,000 n'kupeza K23,100. Imeneyo si avereji ya katundu wanu, chifukwa matumba odula ndi 50 pamene otchipa ndi 30 okha. Gulu lalikulu liyenera kukoka avereji kumbali yake, n'chifukwa chake yankho lolondola ndi K23,575. Kusiyana kwa K475 pa thumba kumaoneka kochepa, koma pa matumba 80 ndi K38,000 imene yasowa m'buku, ndipo kuyesa kuja sikudzagwirizana. Gawani ndalama zonse ndi matumba onse, osati mitengo ndi kuchuluka kwa malisiti.

Ngati muli ndi kompyuta, khadi la averejili limakwanira pa Excel. Ikani tsiku mu A, matumba olowa mu B, mtengo woodera mu C, otuluka mu D, otsala mu E, ndalama za otsala mu F, ndi avereji mu G. Mzere wachiwiri ukhale wa katundu woyambira mwezi, mudzaze E2, F2 ndi G2 ndi manja, kenako mu E3, F3 ndi G3 mulembe izi motsatana n'kuzikokera pansi:

```
=E2+B3-D3
=F2+B3*C3-D3*G2
=IF(E3=0,0,F3/E3)
```

Mzere umodzi ukhale wa chochitika chimodzi, kuoda kapena kugulitsa, osati zonse ziwiri. Ndipo musafupikitse avereji pochotsa matambala panjira. Fupikitsani pomaliza pokha, apo ayi pakutha pa chaka mudzapeza matumba atha koma m'buku mwatsala ndalama zopanda thumba.

Avereji ili ndi mtundu wina wachidule, wa amene salemba tsiku ndi tsiku koma amawerenga katundu pakutha pa mwezi. Amatenga K3,370,000 kugawa ndi matumba 150, n'kupeza K22,466.67 pa thumba. Otsala 30 akhala K674,000, ogulitsidwa 120 akhala K2,696,000, phindu K524,000. Mtundu umenewu ndi wololedwa, koma onani chimene wachita: matumba ogulitsidwa pa 12 apatsidwa gawo la mtengo wa katundu amene anafika pa 18, asanaodedwe n'komwe. N'chifukwa chake phindu lake latsikanso. Mukanena kuti mumagwiritsa ntchito avereji, nenaninso kuti ndi iti, ya nthawi iliyonse yooda kapena ya pakutha pa mwezi. FIFO ilibe vuto limeneli, imapereka yankho lomwelo kaya mwawerengera tsiku ndi tsiku kapena pakutha pa mwezi.

Kusiyanako kwapita kuti?

Shopu ndi imodzi, makasitomala ndi omwewo, ndalama za m'kabati ndi zomwezo, koma FIFO yati phindu ndi K600,000 pamene avereji yati K557,250. Kusiyana ndi K42,750. Mukayang'ana katundu wotsala mupezanso K42,750 yemweyo: K750,000 mu FIFO, K707,250 mu avereji. Si mwangozi ayi. Mitengo ikamakwera, FIFO imatumiza mitengo yakale yotchipa ku zogulitsidwa n'kusiya yodula m'chipinda, choncho phindu limaoneka lalikulu ndipo sitoko imaoneka yamtengo wapatali. Avereji imatenga pang'ono pa mtengo watsopano n'kuika pa zogulitsidwa, choncho phindu limatsika, sitoko nayo imatsika.

Ndalama imeneyi siinapangidwe kapena kuonongedwa, yangosunthidwa mwezi. Matumba 30 otsalawa ndiwo oyambira mwezi wamawa. Wa FIFO adzawayamba pa K750,000, wa avereji pa K707,250, ndipo tsiku limene adzagulitsidwe onse, wa FIFO adzaona phindu lochepa ndi K42,750 yemweyo. Shopu ikanati igulitse thumba lililonse n'kutsala chipinda chopanda kanthu, njira ziwirizi zikanagwirizana mpaka tambala. Koma shopu yamoyo siikhala yopanda katundu, ndipo ngati mitengo ikukwerabe chaka ndi chaka, kusiyanaku kumangosunthira kutsogolo osatha.

Pa msonkho ndi pamene kusiyanaku kumakhudza thumba lanu lenileni. Tiyerekeze kuti msonkho wa phindu ndi 30 peresenti. Pa K42,750 ndi K12,825 imene wa FIFO alipire msanga kuposa wa avereji. Pa katundu mmodzi mwezi umodzi si zambiri, koma shopu ili ndi malata, misomali, penti ndi mapaipi, zonse zikukwera. Chofunika ndi katundu amene muli naye tsiku lotseka chaka chanu cha ndalama, chifukwa kusiyana kwa phindu la chaka kumachokera pa mtengo wa katundu woyambira chaka ndi wotsekera chaka basi. Kumbali inayo, amene akukapempha ngongole ku banki amapeza kuti FIFO ikuonetsa sitoko pa mtengo woyandikira wa lero, ndipo mabuku ake amaoneka amphamvu.

Mwina mwamvapo za njira yachitatu, LIFO, imene imati chomaliza kulowa ndicho choyamba kutuluka, ndipo imatsitsa phindu kuposa ziwirizi mitengo ikamakwera. Ku Amereka imaloledwa. Koma lamulo la IAS 2, lokhudza katundu wa malonda, linaichotsa kuyambira mu 2005, ndipo malamulo a kawerengedwe ka chuma a m'maiko ambiri otchedwa IFRS a mabizinesi ang'onoang'ono nawonso saivomereza. Ma akauntanti a ku Malawi amatsata malamulo amenewa, choncho m'mabuku opita ku banki kapena kwa owunika mabuku muiwale za LIFO.

Gawo limene ambiri amagwerapo: phindu la m'buku si ndalama yodya

Apa ndi pamene mtima wanga uli, chifukwa ndaona mashopu akuchepa mphamvu mwakachetechete pamene mabuku awo akuonetsa phindu mwezi uliwonse.

Bwererani pa 6. Tsiku limenelo shopu inali yodzaza, matumba 100. Kuyambira pamenepo m'kabati munalowa K1,820,000, munatuluka K1,250,000 yoodera pa 18, kenako munalowanso K1,400,000. Pakutha pa mwezi muli ndi K1,970,000 ndi matumba 30. Mwaimba foni kumene mumaoda, ndipo akuuzani mtengo umene, mukaphatikiza thiransipoti, thumba lifika pa K27,000. Kuti shopu ibwerere pa matumba 100 aja mufunika 70, omwe ndi K1,890,000. Mukalipira, m'manja mutsala K80,000.

K80,000 imeneyo ndiyo yotsala mutabwezeretsa katundu, ndipo pamenepo lendi ndi malipiro a antchito simunachotse. FIFO inati K600,000, avereji inati K557,250. Zonse ziwiri sizinaname, chifukwa zimayankha funso lakuti katundu wogulitsidwayo anaodedwa pa zingati. Koma mwini shopu akatenga K600,000 n'kulipira fizi ndi kugula malata a nyumba yake, pokaoda adzakhala ndi K1,370,000 yokha, yokwanira matumba 50. Shopu ya matumba 100 yasanduka ya matumba 80. Miyezi itatu kapena inayi yotere, makasitomala ayamba kumva yankho lakuti “simenti watha, bwerani mawa”, ndipo mwiniwake ayamba kukayikira mnyamata wa pa kauntala, pamene mpamba anaudya yekha osadziwa.

Gawo lalikulu la phindu limene mabuku amaonetsa mitengo ikamakwera limachokera pongosunga katundu wotchipa mpaka mtengo utakwera. Limeneli ndi phindu lomangika, liyenera kubwerera m'chipinda. FIFO imalionetsa lonse ngati phindu, avereji imalibisako pang'ono, koma monga mwaonera, pang'ono pake ndi K42,750 pa mpata woposa K500,000. Choncho amene akuganiza kuti kusamukira ku avereji kumuteteza ku kukwera kwa mitengo akuyembekezera zambiri kwa njira imene siinapangidwire ntchito imeneyo.

Chochita ndi ichi. Pa khadi la sitoko onjezani danga limodzi la mtengo woodera wa lero, ndipo muzililemba nthawi iliyonse mukamva mtengo watsopano, ngakhale simunaode. Mtengo wogulitsira muziuika potengera danga limeneli, osati potengera FIFO kapena avereji. Pa 12, buku la avereji linkati thumba ndi K21,200, ndiye kugulitsa pa K26,000 kunkaoneka ngati phindu la K4,800. Koma thumba lolowa m'malo mwake linadzagulidwa pa K25,000, choncho chotsala chenicheni chinali K1,000. Kasitomala adzakuuzani kuti “koma awa ndi akale, munawaoda motchipa”, ndipo akunena zoona, koma thumba limene mudzamugulitse mwezi wamawa simudzalioda pa mtengo wakale. Msika nawo uli ndi malire ake, simungakweze kuposa anzanu a pafupi popanda kuthawitsa anthu, komabe ndi bwino kudziwa kuti mukugulitsa pa phindu la K1,000 kusiyana n'kumaganiza kuti ndi K4,800. Ndipo musanachotse ndalama iliyonse ya pakhomo, chitani masamu a matumba 100 aja: patulani kaye ndalama yobwezeretsa katundu pa mtengo wa lero, yotsalayo ndiyo muganizirepo.

Ndiye musankhe iti?

Yambani ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Katulutsidwe ka katundu m'chipinda ndi nkhani ina, kawerengedwe ka mtengo m'buku ndi nkhani inanso. Simenti akakhalitsa amayamwa chinyezi n'kuyamba kuchita mibulu, makamaka nthawi ya dzinja, choncho thumba lakale lizituluka poyamba nthawi zonse, ngakhale buku lanu ndi la avereji. Sanjani matumba atsopano kumbuyo, akale kufupi ndi khomo, ndipo mulembe tsiku lofikira ndi choko pa thabwa la gulu lililonse. Kusankha avereji sikukupatsani chilolezo chosiya akale pansi pa mulu.

Pa buku, maganizo anga ndi awa. Ngati mumaoda kawirikawiri, pang'onopang'ono, pa mitengo yosinthasintha, ndipo katundu wanu amasakanikirana monga misomali yapakilo, chimanga cha m'nkhokwe kapena mafuta a m'thanki, tengani avereji ya nthawi iliyonse yooda. Mumasunga nambala imodzi pa katundu aliyense m'malo mwa magulu asanu, phindu la mwezi ndi mwezi silidumphadumpha, ndipo msonkho suthamangira patsogolo. Ngati mumaoda mwa apo ndi apo m'magulu akuluakulu odziwika bwino, kapena katundu wanu ali ndi masiku othera ntchito amene mumawalondola kale gulu ndi gulu, FIFO siikuwonjezerani ntchito, ndipo sitoko yanu idzaoneka pa mtengo woyandikira wa msika. Ngati katundu amatha msanga, sabata imodzi kapena ziwiri, kusiyana kwa njira ziwirizi kumakhala kochepa kwambiri moti sankhani yosavuta kwa amene amalemba buku. Katundu amene chilichonse chili ndi nambala yakeyake, monga majenereta kapena njinga zamoto, salowa mu mkanganowu. Chilichonse chimalembedwa pa mtengo umene chinaodedwera.

Ngati muli ndi pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera malonda, fufuzani njira imene ikugwiritsa ntchito musanalonjeze kanthu kwa akauntanti. Yang'anani pamene palembedwa `FIFO` kapena `Average Cost` m'malo osinthira makonzedwe a sitoko, chifukwa mapulogalamu ena amadziwa njira imodzi yokha.

Mukasankha, khalani pomwepo. IAS 2 imafuna kuti katundu wofanana mtundu ndi ntchito awerengedwe ndi njira imodzi, ndipo simungadumphire ku FIFO chaka chopempha ngongole n'kubwerera ku avereji chaka cholipira msonkho. Kusintha kumaloledwa pakakhala chifukwa chomveka chakuti njira yatsopano ikuonetsa bwino momwe bizinesi ilili, ndipo pamenepo manambala a chaka chapitacho amawerengedwanso ndi njira yatsopanoyo kuti zaka ziwirizo zifanizidwe. Lembani njira yanu pa tsamba loyamba la kope la sitoko, ndi tsiku limene mwayambira.

Zimene zimasokoneza khadi, ndi momwe mungazizindikirire

Vuto lalikulu la avereji ndi kulemba zogulitsa musanalembe zooda. Lole yafika Lachisanu madzulo, invoyisi yatsalira m'thumba la dalaivala, Loweruka anyamata agulitsa matumba atsopanowo. M'buku otsala amatsika kupitirira ziro, ndipo invoyisi ikadzalembedwa Lolemba avereji imatuluka yodabwitsa. Chizindikiro chake n'chosavuta: avereji yolondola singakhale pamwamba pa mtengo wokwera kwambiri umene munaodapo, kapena pansi pa wotsika kwambiri. Mu chitsanzo chathu iyenera kukhala pakati pa K20,000 ndi K25,000. Mukaona K26,300, pali mzere umene walembedwa mosatsata masiku. Lembani katundu wolowa tsiku lomwe wafika, ngakhale pa mtengo wa pa pepala lobweretsera katundu, n'kudzakonza invoyisi ikabwera. Chimodzimodzinso ndalama ya thiransipoti ikabwera mochedwa, ibwezereni ku gulu lake, musaiponye pa gulu lotsatira.

Mu FIFO vuto limakhala magulu. Chizindikiro ndi kupeza m'buku gulu la miyezi inayi yapitayo lidakali ndi matumba atatu pamene magulu a pambuyo pake anadyedwa kale. Ndiye kuti wina analumpha mzere. Kasitomala akabweza thumba, libwezereni pa mtengo umene linatulukira, osati pa mtengo wogulitsira kapena wa lero.

Pakutha pa mwezi lowani m'chipinda muwerenge ndi manja. Tinene kuti mwapeza matumba 30 monga buku likunenera, koma awiri a pansi penipeni, amene anakhudza khoma lonyowa, auma gwa ngati mwala. Amenewo sangakhalenso m'buku pa mtengo woodera. Lamulo limati katundu alembedwe pa chochepa pakati pa mtengo woodera ndi ndalama imene mungapeze mutamugulitsa, mutachotsa zolipira pogulitsapo. Ngati palibe angawagule, wa FIFO achotse K50,000, wa avereji achotse K47,150, ndipo zimenezo zilowe ngati kuluza kwa mwezi womwewo. Ngati wina angawatenge pa K5,000 lililonse, alembeni pa K5,000.

Lamulo lomweli limagwiranso ntchito mitengo ikatembenuka. Amene amagula ndi kugulitsa chimanga amadziwa momwe mtengo umagwera zokolola zatsopano zikayamba kufika pa msika. Simenti nayenso akhoza kutsika katundu akachuluka. Tinene kuti mtengo wogulitsira wagwa kufika pa K24,000, ndipo palibe zina zolipira pogulitsa. Matumba 28 abwino a FIFO ali m'buku pa K25,000, choncho muyenera kuwatsitsa ndi K1,000 lililonse, K28,000 yonse, mwezi womwewo. A avereji ali pa K23,575, pansi pa K24,000, ndipo atsala momwe alili.